Chigamulo cha 3 Febuluwale 2020: khoti linalamula chiyani, chifukwa chiyani, nanga analipira ndani?

Mlandu ukagamulidwa, nkhani imene imafika kumsika ndi m'minibasi imakhala yaifupi: uje wawina, uje waluza. Koma chigamulo cha khoti sichilembedwa choncho. Chimanena zimene ziyenera kuchitika, chimafotokoza chifukwa chake, ndipo kumapeto kwenikweni chimatchula amene alipire ndalama zoyendetsera mlandu. Munthu atha kupambana pa mfundo yaikulu koma n'kugonja pa zina zambiri, ndipo atha kupambana mlandu wonse koma osabwezeredwa ngakhale tambala pa zimene analipira maloya. Mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndi poyambira pabwino kuti timvetse zimenezi, chifukwa pafupifupi Mmalawi aliyense anaumvera pa wailesi, koma ndi ochepa amene anatsatira zimene majaji analamula mpaka kumapeto.

Chisankho chinachitika pa 21 Meyi 2019. Pa 27 Meyi bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lomwe wapampando wake anali mayi Jane Ansah, linalengeza kuti a Peter Mutharika a DPP apambana ndi mavoti 38.57 peresenti. A Lazarus Chakwera a MCP anapeza 35.41 peresenti, ndipo malemu a Saulos Chilima a UTM anapeza 20.24 peresenti. Kusiyana kwa a Mutharika ndi a Chakwera kunali mavoti pafupifupi 159,000. A Chilima ndi a Chakwera anakadandaula kukhoti aliyense payekha, koma madandaulo awo anaphatikizidwa kukhala mlandu umodzi. Oyankha mlandu anali awiri: a Mutharika ndi bungwe la MEC. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa pofika pa nkhani ya ndalama khoti silinawaone awiriwa mofanana.

Mlanduwo anaumva ndi majaji asanu a khoti lalikulu, atakhala ku Lilongwe ngati khoti loona za malamulo oyendetsera dziko: a Healey Potani amene ankatsogolera, mayi Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Redson Kapindu ndi a Mike Tembo. Umboni unayamba kumvedwa mu Ogasiti 2019 ndipo mlandu unatsekedwa mu Disembala. Chigamulo chinatuluka pa 3 Febuluwale 2020, cha masamba pafupifupi 500, ndipo kuchiwerenga kunatenga tsiku lonse mpaka kunja kutada.

Loya akalandira chikalata chachikulu chotere sayambira tsamba loyamba. Amatsegula kumapeto, pamene pali malamulo amene khoti lapereka. Owerenga wamba achitenso chimodzimodzi, chifukwa gawo limeneli ndi limene limamanga anthu. Masherifu akabwera kudzalanda katundu, kapena munthu akaimbidwa mlandu wonyoza khoti, chimene amayang'ana ndi mawu a gawo limeneli, osati ndemanga zimene jaji ananena pakati pa chigamulo.

Pa mlanduwu khoti linayamba ndi kunena kuti a Mutharika sanasankhidwe moyenera pa 21 Meyi 2019, ndipo linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti. Kenako linalamula kuti chisankho china chichitike pasanathe masiku 150, kuwerengera Lamulungu ndi masiku a tchuthi omwe. Mawu akuti Lamulungu ndi tchuthi ziwerengedwe amaoneka aang'ono, koma ndi amene anatseka mpata wozengereza. Mukawerenga masiku 150 kuchokera pa 3 Febuluwale 2020 mufika pa 2 Julaye. Khoti likanangoti masiku 150, wina akanatha kuimirira n'kunena kuti ndi masiku ogwira ntchito okha, tsiku n'kusunthira kutsogolo ndi milungu ingapo. Mukamawerenga lamulo la khoti lililonse, kaya ndi lochotsa munthu pamalo kapena lolipira ngongole, funani tsiku, ndipo funani mmene masikuwo akuwerengedwera.

Funso lotsatira linali loti dziko alilamulire ndani m'masiku 150 amenewo. Khoti linati zinthu zibwerere mmene zinalili chisankho chisanachitike. Choncho a Mutharika anapitiriza kukhala pulezidenti, koma potengera mphamvu za chisankho cha 2014, ndipo a Chilima anabwerera pa udindo wa wachiwiri kwa pulezidenti. A Everton Chimulirenji, amene analumbira pa udindowo mu Meyi 2019, anautaya tsiku lomwelo ngakhale sanali mmodzi wa oyankha mlandu, chifukwa udindo wawo unatsamira pa chisankho chimene chinafafanizidwa.

Nyumba ya Malamulo nayo inapatsidwa ntchito. Inauzidwa kuti pasanathe masiku 21 ikonze malamulo ofotokoza zochita ngati palibe amene wapeza mavoti oposa theka. Komiti ya aphungu yoona za kusankha anthu m'maudindo a boma inauzidwa kuti ifufuze ngati makomishonala a MEC anali oyenera kupitiriza ntchito.

Zimene khoti silinalamule n'zofunika chimodzimodzi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri anasokonezeka. Khoti silinanene kuti a Chakwera ndi amene anapambana. Silinachotse ntchito makomishonala, linangotumiza nkhaniyo kwa amene lamulo limawapatsa mphamvu zimenezo. N'chifukwa chake aphungu atapeza kuti makomishonalawo sanali oyenera, a Mutharika anatha kukana kuwachotsa, ndipo mayi Ansah anakhalabe pampando mpaka pamene anatula okha udindo mu Meyi 2020. Khoti silinakhudzenso chisankho cha aphungu ndi makhansala, ngakhale chinachitika tsiku lomwelo, m'malo oponyera voti omwewo, moyendetsedwa ndi anthu omwewo. Ambiri anadabwa nazo, koma khoti limayankha funso limene lafunsidwa ndi anthu amene aima pamaso pake. Mlandu unali wa mpando wa pulezidenti, ndipo lamulo linathera pomwepo. Phungu amene anali ndi dandaulo anayenera kukatsegula mlandu wake.

Tsopano zifukwa. Gawo limeneli ndi limene limadzaza masamba ambiri, ndipo ndi limene limatopetsa, chifukwa jaji amayamba wabwereza zimene mbali iliyonse inanena. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri, ngakhale m'manyuzipepala, ndi kutenga mawu a mboni kapena a loya amene jaji akungowabwereza n'kuwalengeza ngati maganizo a khoti. Njira yozindikirira ndi kuyang'ana mwini mawu. Pamene palembedwa kuti wodandaula akuti, kapena mboni inanena kuti, khoti silinalankhule. Khoti limalankhula pamene likuti tapeza kuti, kapena tikugamula kuti.

Zimene majaji asanuwo anapeza zinali zokhudza mapepala a zotsatira. Pamalo aliwonse oponyera voti pamalembedwa pepala la zotsatira limene woyang'anira malowo amasayina, oimira zipani n'kulandira makope ake. Khoti linapeza kuti mapepala ambiri anafufutidwa ndi Tipeksi manambala n'kulembedwanso, ena anasinthidwa ndi cholembera, ena anali makope m'malo mwa mapepala enieni, ndipo ena analibe siginecha ya woyang'anira. MEC inalandira mapepala oterewa n'kuwagwiritsa ntchito powerengera zotsatira za dziko lonse. Khoti linapezanso kuti madando amene zipani zinapereka sanaunikidwe ndi makomishonala mmene lamulo limafunira zotsatira zisanalengezedwe, ndipo ntchito zina zimene makomishonala anayenera kugwira okha anazisiyira ogwira ntchito a bungwelo.

MEC sinakane kuti Tipeksi anagwiritsidwa ntchito. Yankho lake linali lakuti ogwira ntchito ankakonza zolakwika za masamu pa ziwerengero za mapepala ovotera, ndipo mavoti a opikisana sanasinthidwe. Inatinso odandaula alephera kubweretsa oimira zipani awo kudzanena kuti pamalo akuti mavoti athu anali mwakuti koma analembedwa mwakuti. Yankho limeneli silinali lopanda nzeru, ndipo mtima wa mlandu wonse unali pomwepa: kodi wodandaula ayenera kuwerenga mavoti obedwa mpaka aposa 159,000 aja, kapena n'kokwanira kusonyeza kuti chisankho chinayendetsedwa mophwanya malamulo kotero kuti manambala ake sangadalirike?

Khoti linati njira zonse ziwiri zili ndi malo ake. Manambala amaunikidwa, koma kayendetsedwe kake kamaunikidwanso. Zolakwika zikakhala zofala, zochitika mobwerezabwereza m'dziko lonse ndiponso zazikulu, palibe amene anganene motsimikiza kuti zotsatira zolengezedwazo ndi zofuna za ovota. Taganizani za wogula fodya amene sikelo yake yapezeka kuti inasokonezedwa: mlimi sangauzidwe kuti atchule makilogalamu enieni amene anaberedwa, chifukwa chida choyezera chomwecho ndi chimene chawonongeka.

Pa funso la amene ayenera kubweretsa umboni, khoti linati wodandaula ayambe ndi kusonyeza kuti dandaulo lake lili ndi maziko. Akatero, udindo umasamukira kwa MEC kuti isonyeze kuti inatsata malamulo, popeza ndi imene imasunga mapepala onse ndipo ndi imene inapatsidwa ntchitoyo. Muyeso wa umboni ndi wa milandu ya pakati pa anthu, woti mbali imene nkhani yake ikuoneka yoona kwambiri ndi imene ipambane, osati muyeso wokhwima wa milandu yaupandu umene umafuna kuti pasatsale chikayiko. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi imene inasintha zinthu kuposa Tipeksi amene anatchuka uja. Popanda iyo, munthu wodandaula za chisankho amakhala akufunsidwa umboni umene uli m'kabati ya amene akumudandaulayo.

Odandaula sanapambane pa chilichonse. Zina zimene ananena, monga zoti oimira zipani ankaopsezedwa ndi kupatsidwa ziphuphu, khoti linati umboni wake sunakwane. Ndipo chigamulo sichinaime pa mfundo yoti a Mutharika anabera mavoti ndi manja awo kapena anatuma anthu. Chinaima pa kulephera kwa MEC. Otsatira MCP ndi UTM amene ankaimba kuti khoti lagwira wakuba ankanena zimene khoti silinanene, monganso otsatira DPP amene ankati majaji apereka boma kwa otsutsa.

Mfundo ina inali ya gawo 80 la malamulo oyendetsera dziko, limene limati pulezidenti asankhidwe ndi ovota ochuluka. Kodi ochuluka ndi oposa a mnzako aliyense, kapena oposa theka la onse ovota? Pa mlandu wa a Gwanda Chakuamba wotsatira chisankho cha 1999, khoti la Supulimu linamasulira kuti amene waposa anzake wapambana, ndipo mwa njira imeneyo a Bingu wa Mutharika mu 2004 ndi a Peter Mutharika mu 2014 analowa m'boma ndi mavoti osafika theka. Majaji asanu aja anati tanthauzo loyenera ndi theka la mavoti kuphatikizapo voti imodzi. Apa anayenda pa malo oterera, chifukwa mwa lamulo khoti laling'ono limatsata zimene lalikulu linagamula kale. Iwo anati chigamulo chakalecho chinaperekedwa mosaganizira mfundo zina za malamulo zimene zikanasintha yankho. Kunena zoona, mfundo imeneyi inakhazikika pokhapokha khoti la Supulimu lenilenilo litaivomereza. Phunziro kwa owerenga ndi lakuti chifukwa chimene jaji wapereka chili ndi mphamvu molingana ndi msinkhu wa khoti lake, ndipo nkhani siinathe ngati apilo ikadali m'njira.

A Mutharika ndi MEC anachitadi apilo. Anapemphanso kuti chigamulo chiyambe chaimitsidwa podikira apiloyo, koma khoti linakana mwezi womwewo wa Febuluwale. Anthu ambiri amaganiza kuti ukangochita apilo ndiye kuti chigamulo chaima. Sizili choncho. Kuimitsa chigamulo kumapemphedwa pakokha, ndipo pempholo likakanidwa, lamulo limagwirabe ntchito: masiku 150 aja ankawerengedwabe pamene maloya ankakonza mapepala awo. Pa 8 Meyi 2020 majaji asanu ndi awiri a khoti la Supulimu, motsogozedwa ndi jaji wamkulu a Andrew Nyirenda, anakana apiloyo ndipo anavomereza mfundo ya theka kuphatikizapo voti imodzi. Anaonjezera mfundo imene inasintha zokonzekera za MEC: popeza chinali chisankho chobwereza, ovota akhale okhawo amene analembetsa mu kaundula wa 2019, ndipo opikisana achokere mwa amene anaima mu 2019. Amene anangowerenga chigamulo choyamba osaona chachiwiri sakanadziwa chifukwa chake kalembera watsopano amene anali atayamba anatayidwa. Chisankho chinachitika pa 23 Juni 2020, masiku 150 asanakwane, ndipo a Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 peresenti.

Tifike pa ndalama, gawo limene limawerengedwa anthu atayamba kale kuvina panja. Ndalama zoyendetsera mlandu si chindapusa ndipo si chipukuta misozi. Ndi zobwezera zimene mbali ina yawononga poyendetsa mlandu: malipiro a maloya, zolipira kukhoti, mapepala, maulendo a mboni. M'khoti lalikulu jaji ali ndi ufulu wogamula za ndalamazi mmene waonera, koma mwambo wake ndi woti wogonja alipire wopambana. Pa milandu yokhudza malamulo oyendetsera dziko makhoti nthawi zambiri amapatuka pa mwambowu n'kunena kuti aliyense alipire maloya ake, pofuna kuti nzika isamaope kufunsa khoti funso lokhudza dziko lonse chifukwa choopa ngongole.

Pa mlandu wa chisankho majaji analamula kuti MEC ilipire ndalama za odandaula, pamene a Mutharika anangosiyidwa kuti adzilipirire maloya awo. Mzere umodzi umenewu ukunena zimene masamba mazana aja ananena: vuto linali kwa woyendetsa chisankho. Oyankha mlandu onse awiri anagonja, koma wosenza katundu anali mmodzi. Ngati mulibe nthawi yowerenga zifukwa zonse za chigamulo, gawo la ndalama lidzakuuzani amene khoti lamuona kuti ndiye gwero la mlandu.

Jaji akamalamula za ndalamazi kawirikawiri satchula kuchuluka kwake. Amangoti uje alipire, ndipo mbali ziwirizo zikalephera kugwirizana, nkhani imapita kwa rejisitala wa khoti. Maloya a wopambana amalemba ndandanda ya ntchito yonse imene anagwira, maola amene anathera pokonzekera ndi kukhoti, ndi mtengo wa ola lililonse molingana ndi zaka zimene loyayo wagwira ntchito. A mbali yolipira amatsutsa mzere ndi mzere, kuti maola awa achuluka, loya wachitatu uyu sankafunika, ulendo uwu sunali wa mlanduwu. Rejisitala amadula zimene waona kuti n'zopyola muyeso n'kutchula chiwerengero chomaliza, ndipo wosakhutira atha kupempha kuti chiunikidwenso. N'chifukwa chake munthu wopambana mlandu wa malo kapena wa ngongole asamaganize kuti zonse zimene anapatsa loya wake zibwerera. Pangano la iye ndi loya wake ndi lina, zimene khoti lalola kuti wogonja abweze ndi zina, ndipo kusiyana kwake amalipira yekha.

Pa mlandu wa chisankho, kuwerengera kumeneku kutachitika mu 2020, ndalama zimene MEC inayenera kulipira maloya a odandaula zinafika pafupifupi K7 biliyoni. Anthu anakwiya, ndipo mkwiyo wambiri unalunjika kwa maloya. Funso la ngati maola ndi mitengo yawo inali yoyenera ndi lomveka, ndipo malo ake ndi pamaso pa rejisitala paja. Koma chimene chimandiwawa ine ndi china. MEC ilibe munda kapena sitolo. Ndalama zake zimachokera ku thumba la boma, kutanthauza msonkho wa mphunzitsi, wa namwino ndi wa mayi wogula sopo pagolosale. Ovota amene anaima pamzere pa 21 Meyi 2019 analipira chisankho chimene chinaonongeka, analipira maloya oteteza MEC, analipira maloya a odandaula, kenako analipira chisankho chobwereza. Lamulo loti bungwe la boma lilipire limamveka ngati chilango, koma amene anapanga ziganizo zolakwikazo sakhudzidwa m'thumba.

Makhoti athu ali nayo njira ina, ndipo anaigwiritsa ntchito pasanapite nthawi. Mu Juni 2020, chisankho chobwereza chili pafupi, boma linalengeza kuti jaji wamkulu a Nyirenda apite kutchuthi podikira kupuma ntchito. Khoti lalikulu linagamula kuti zimenezo zinali zosemphana ndi malamulo, ndipo pambuyo pake linalamula kuti a Mutharika ndi a Lloyd Muhara, amene anali mlembi wamkulu wa boma, alipire ndalama za mlanduwo kuchokera m'matumba mwawo. Zitawerengedwa zinaposa K69 miliyoni. Poyerekeza ndi K7 biliyoni ndi ndalama zochepa, koma kwa wogwira ntchito m'boma amene akuganiza zophwanya lamulo mawa, kulipira kuchokera m'thumba mwake n'kumene kungamuchititse kuganiza kawiri. Lamulo lotere siliperekedwa wamba. Khoti limayenera kukhutira kuti munthuyo anachita zinthu mopyola kulakwitsa wamba kwa pantchito, ndipo amayamba wapatsidwa mpata wodziteteza. Kusamala kumeneko n'koyenera, chifukwa palibe angavomere udindo wa boma ngati cholakwika chilichonse chingamugulitsitse nyumba. Koma pamene mkulu wa boma wachenjezedwa n'kupitirizabe, sindiona chifukwa choti wokhoma msonkho amusenzere ngongoleyo.

Inu amene muli ndi mlandu wanu kukhoti, kaya wa malo, wa ntchito kapena wa chuma cha masiye, musakhutire ndi uthenga wa pafoni woti tawina. Pemphani kope la chigamulo kwa loya wanu kapena ku ofesi ya khoti, mutsegule kumapeto, ndipo wina akuwerengereni mzere ndi mzere m'chinenero chimene mukumva. Mufunse kuti ndani walamulidwa kuchita chiyani ndipo pofika liti, ngati mbali inayo yapempha kuimitsa chigamulo, ndiponso ngati ndalama za mlandu alipire ndi wogonja kapena aliyense adzilipirire. Ngati mwagonja ndipo mukufuna apilo, funsani tsiku lomwelo kuti muli ndi masiku angati, chifukwa nthawi yake ndi yochepa ndipo imayamba kuwerengedwa chigamulo chikangoperekedwa.